Kalembedwe ka lipoti lotsekera kafukufuku: zomwe zinapezeka ndi pomwe ntchito iliyonse yafika

Kafukufuku akatha pamalo a ntchito, pamatuluka mndandanda wa zoyenera kukonza, aliyense n'kupatsidwa ntchito yake ndi tsiku loti amalize. Pakadutsa miyezi iwiri kapena itatu, wina amauzidwa kuti alembe lipoti lotsekera nkhaniyo. Apa m'pamene ambiri amapunthwa. Amaimbira foni eni ntchito, aliyense n'kuyankha kuti "zimenezo tinathana nazo kale", ndiye wolembayo amangolemba "yatheka" kuyambira pamwamba mpaka pansi. Abwana amasaina, fayilo n'kutsekedwa. Vuto lomwelo likadzabweranso, palibe amene angasonyeze chimene chinachitikadi.

Lipoti lotsekera limayenera kuyankha mafunso atatu: kafukufuku anapeza chiyani, ntchito iliyonse imene munagwirizana yafika pati, ndipo kodi zimene zachitikazo zachotsa vutolo. Funso lachiwiri ndi lachitatu n'losiyana, ndipo malangizowa akhazikika kwambiri pamenepo.

## Nkhani imene tigwiritse ntchito

Tiyerekeze kuti pachipatala china chaching'ono firiji yosungira katemera inapezeka yozima Lolemba m'mawa, pa 10 Malichi. Katemera wambiri amayenera kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo mlingo wa kuzizira umawerengedwa n'kulembedwa kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, masiku onse. Kachipangizo kolemba kutentha kamene kamakhala m'firijimo kanasonyeza kuti kutentha kunapitirira madigiri 8 kuyambira Loweruka 4 koloko m'bandakucha mpaka Lolemba 8 koloko m'mawa pamene katemera anasamutsidwa. Amenewo ndi maola 52. Ofufuza anapereka lipoti lawo pa 21 Malichi, ndipo munali ntchito zisanu ndi imodzi zoti zichitike. Inu mwapatsidwa kuti mulembe lipoti lotsekera pofika pa 30 Meyi.

Nkhaniyi ndi yongoyerekeza, koma kalembedwe kake n'komweko ngakhale kafukufuku wanu akhale wa ngozi ya wantchito, dandaulo la kasitomala, kapena katundu wosowa m'nyumba yosungira.

## Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Lipoti la kafukufuku lomwe linavomerezedwa, lokhala ndi saini ndi deti, osati lija linkazungulira anthu akukonzabe.
- Mndandanda woyamba wa ntchito, wosonyeza mwini ntchito ndi tsiku limene analonjeza.
- Zolembedwa za misonkhano kapena maimelo momwe ntchito ina inasinthidwa, kuimitsidwa kapena kupatsidwa tsiku lina.
- Umboni wa ntchito iliyonse: zithunzi, malisiti, mapepala amene anthu anasaina pamaphunziro, mabuku olembamo tsiku ndi tsiku.
- Fomu kapena ndondomeko ya bungwe lanu ngati ilipo, ndi udindo wa munthu amene ali ndi mphamvu zotseka nkhani.
- Nthawi yokayendera malowo ndi maso anu, ndi foni yojambulira.

Ngati lipoti lovomerezedwa la kafukufuku palibe, imani kaye. Simungatseke nkhani imene zopezeka zake sizinagwirizanidwe.

## Sitepe 1: Lembani mutu ndi malire a nkhani

Pamwamba lembani nambala ya nkhani, tsiku limene zinachitika, tsiku la lipoti la kafukufuku, tsiku la lipoti lanu, ndi udindo wanu. Kenako fotokozani zimene zinachitika m'ziganizo zitatu kapena zinayi basi. Wofuna nkhani yonse muuzeni komwe lipoti la kafukufuku lili.

Onjezeraninso mzere wonena tsiku limene munasiyira kutolera umboni, mwachitsanzo: "Lipotili likufotokoza momwe zinthu zinalili pofika pa 28 Meyi."

Chenjezo: mzere umenewu ukasowa, wina akamaliza ntchito yake tsiku lotsatira amabwera kudzadandaula kuti munamunamizira. Ukakhalapo, mkangano wotere sumayamba n'komwe.

## Sitepe 2: Lembani zomwe zinapezeka, osazikongoletsa

Tengani zopezeka mu lipoti la kafukufuku, muzipatse manambala, ndipo chilichonse chikhale ndi umboni wake pambali. M'nkhani yathu zingaoneke chonchi:

> Chopezeka 1. Pulagi ya firiji inazulidwa Lachisanu madzulo. Firiji inkagwiritsa ntchito soketi imodzi ndi zipangizo zina, ndipo soketiyo inalibe chophimba kapena chizindikiro. Umboni: zithunzi za pa 10 Malichi.
>
> Chopezeka 2. Loweruka ndi Lamlungu palibe amene anawerenga kutentha, chifukwa ndandanda ya ogwira ntchito sinkatchula munthu wochita zimenezi pamasiku amenewa. Umboni: tchati cha kutentha ndi ndandanda ya mwezi wa Malichi.
>
> Chopezeka 3. Kachipangizo kolemba kutentha kanaonetsa chenjezo, koma chenjezolo limangooneka pagalasi lake, ndipo m'chipindamo munalibe munthu woliona. Umboni: zimene zinatsitsidwa m'kachipangizoko.
>
> Chosatsimikizika. Kafukufuku sanapeze amene anazula pulagi. Magetsi sanazime pamasiku amenewa.

Onani mzere womalizawo. Anthu ambiri amauchotsa poganiza kuti ukuonetsa ngati ofufuza analephera. Usiyeni. Mukauchotsa, owerenga amadzaza okha mpatawo ndi mphekesera, ndipo kawirikawiri amene amanyamula mlandu amakhala wantchito wa udindo wotsika amene anali m'chipindamo komaliza. Mawu oti magetsi sanazime nawonso ali ndi ntchito: akutseka njira imene wina aliyense angayambe kuganizira, ndipo tiwafunanso pa sitepe 5.

Chenjezo: musasinthe mawu a zopezeka kuti amveke ofewa. Ngati ofufuza analemba kuti "ndandanda sinkatchula munthu", musalembe kuti "panali kusamvana pang'ono pa ndandanda". Ngati pa miyezi imeneyi patuluka umboni watsopano wotsutsa chopezeka china, chisiyeni chakalecho momwe chilili, mulembe chatsopanocho pansi pake ndi deti, ndi amene wavomereza kusinthako.

Polemba gwiritsani ntchito maudindo, monga "woyang'anira katemera" kapena "wokonza zamagetsi", m'malo mwa maina. Lipoti lotsekera limawerengedwa ndi anthu ambiri kuposa amene anali m'kafukufuku, ndipo nkhani zolanga munthu zili ndi fayilo yakeyake.

## Sitepe 3: Kopani ntchito zonse monga zinalembedwera poyamba

Konzani tebulo lokhala ndi magawo awa: nambala ya ntchito, mawu a ntchitoyo, chopezeka chimene ikuyankha, mwini wake, tsiku lolonjezedwa, tsiku limene inachitikadi, pomwe yafika, umboni, ndi amene anatsimikiza. Ntchito zisanu ndi imodzi za m'nkhani yathu ndi izi:

1. Kupatula katemera yense amene anali m'firiji, kumuunika, ndi kulemba chigamulo chake.
2. Kuikira firiji soketi yakeyake yokhala ndi chophimba ndi chizindikiro choletsa kuzula.
3. Kuika pa ndandanda munthu wowerenga kutentha kawiri patsiku Loweruka ndi Lamlungu.
4. Kuphunzitsa antchito onse 12 olowa m'chipindamo zoyenera kuchita kutentha kukapitirira madigiri 8.
5. Kugula chipangizo chotumiza uthenga pafoni kutentha kukakwera.
6. Kugula jenereta.

Mukatero yang'anani mbali ziwiri. Kodi chopezeka chilichonse chili ndi ntchito yochiyankha? Nanga ntchito iliyonse ikuyankha chopezeka chiti? Yachiwiri ikuyankha chopezeka 1, yachitatu chopezeka 2, yachisanu chopezeka 3. Yoyamba ikungokonza zimene zinaonongeka kale, siikuletsa vuto kubwereranso, ndipo n'kofunika kutero m'lipoti kuti wina asaiwerengere ngati yothetsa gwero. Yachisanu ndi chimodzi ilibe chopezeka chilichonse chimene ikuyankha.

Chenjezo: chinyengo chofala kwambiri m'malipoti otere, ngakhale ochichita sachiona ngati chinyengo, ndi kusintha mawu a ntchito kuti agwirizane ndi zimene zachitika. Ntchito inali "kuphunzitsa antchito onse 12", koma polemba lipoti lotsekera imasanduka "kuchititsa maphunziro". Maphunziro anachitikadi, ndiye ntchitoyo imaoneka yatheka, pamene anthu atatu sanaphunzire. Kopani mawu oyambawo ndendende, ndi manambala ake omwe.

## Sitepe 4: Tolerani umboni, ndipo mukaone nokha

Mawu a mwini ntchito si umboni. Izi sizikutanthauza kuti anthu ndi abodza ayi. Munthu akati "tinagula", nthawi zambiri amatanthauza kuti anasaina pepala lopempha kugula, ndipo m'mutu mwake gawo lake linathera pomwepo. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Pepala loitanitsira katundu likungosonyeza kuti wina anapempha. Lisiti likusonyeza kuti ndalama inatuluka. Chimene inu mukufuna kudziwa n'chakuti chinthucho chafika, chaikidwa, ndipo chikugwira ntchito.

Umboni umasiyana mphamvu. Woposa wonse ndi zimene mwaona kapena kuyesa nokha pamalopo. Wotsatira ndi zolembedwa zimene zinalembedwa pa nthawi imene ntchito inkachitika, monga tchati cha kutentha kapena pepala la saini za ophunzira. Wofooka ndi imelo yolembedwa dzulo yonena kuti zonse zili bwino.

Pa ntchito yachiwiri, lowani m'chipindamo. Tsatirani chingwe cha firiji ndi dzanja mpaka pakhoma. Onani ngati soketi yatsopanoyo ndi imene firiji yalumikizidwako, chifukwa zimachitika kuti soketi inaikidwa bwinobwino koma chingwe n'chachifupi ndipo firiji ikadali pa yakale ija. Yesani kutsegula chophimbacho. Werengani chizindikiro mutaima pomwe munthu wofuna kulumikiza chipangizo china angaime. Jambulani chithunzi chosonyeza firiji ndi soketi pamodzi, osati soketi yokha, kenako mulembe tsiku limene mwaona.

Pa ntchito yachinayi, musangowerenga saini n'kupeza kuti zilipo zingati. Ikani pepala la saini pambali pa mndandanda wa antchito, muyerekeze dzina ndi dzina. Mutha kupeza saini 12 koma zitatu zili za alendo kapena ophunzira ntchito amene sanali pa mndandanda. Amene amasowa pamaphunziro kawirikawiri ndi ogwira usiku ndi a kumapeto a sabata, omwe ndi anthu enieni amene vuto ngati limeneli limawapeza ali okha.

Umboni uliwonse upatseni nambala, monga U1, U2, U3, ndipo nambalayo ilowe m'tebulo. Wowerenga akafuna kutsimikiza, asakufunefuneni.

Chenjezo: mwini ntchito asadzitsimikizire yekha. Ngati ntchito ina pa mndandandawo ndi yanu, pemphani mnzanu akaione, ndipo udindo wake ndi umene ulembedwe pa gawo la wotsimikiza.

## Sitepe 5: Ntchito iliyonse ipatseni liwu limodzi losonyeza pomwe yafika

Sankhani mawu ochepa, muwafotokoze pamwamba pa tebulo, ndipo musagwiritse ntchito ena. Anayi awa amakwana:

- Yatheka: zonse zimene zinalembedwa zachitika, ndipo munthu wina waona umboni.
- Yachitika mbali: zina zachitika, zina zatsala, ndipo zotsalazo zatchulidwa ndi nambala.
- Sinachitike: palibe chimene chasintha pamalopo, ngakhale mapepala ayenda.
- Yathetsedwa: amene ali ndi mphamvu anagamula kuti isachitike kapena ilowedwe m'malo ndi ina, ndipo chifukwa chake chalembedwa.

Mawu oti "ili mkati" ndimawakana. Amakwanira ntchito imene yatsala pang'ono kutha, amakwaniranso imene palibe waikhudza chiyambire, choncho sauza wowerenga kanthu. Chimodzimodzi maperesenti ongoganizira. Munthu akakuuzani kuti ntchito yafika pa 80 peresenti, mufunseni kuti 20 yotsalayo ndi chiyani, ndipo yankho lakelo ndi limene mulembe.

Tsopano tione momwe ntchito zathu zingalembedwere.

> Ntchito 1: Yatheka, pa 11 Malichi. Katemera yense anapatulidwa n'kulembedwa kuti asagwiritsidwe ntchito, anaunikidwa, ndipo chigamulo cha mtundu uliwonse chili pa fomu yosainidwa (U1).
>
> Ntchito 2: Yatheka, pa 9 Epulo, mochedwa ndi masiku 9 kuchokera pa 31 Malichi. Wotsimikiza anaona soketi, chophimba ndi chizindikiro pa 26 Meyi (U2).
>
> Ntchito 3: Yatheka, pa 1 Epulo. Ndandanda ya Epulo ndi Meyi ikutchula munthu pa Loweruka ndi Lamlungu lililonse (U3). Onani gawo la zotsatira.
>
> Ntchito 4: Yachitika mbali. Antchito 9 mwa 12 anaphunzitsidwa pa 16 Epulo (U4). Atatu otsala ndi ogwira usiku.
>
> Ntchito 5: Sinachitike. Pempho logula linaperekedwa pa 25 Malichi ndipo silinavomerezedwe. Chipangizo sichinagulidwe.
>
> Ntchito 6: Yathetsedwa, pa msonkhano wa oyang'anira wa pa 14 Epulo (U5), chifukwa kafukufuku anapeza kuti magetsi sanazime, choncho jenereta sikanaletsa vutoli.

Pa ntchito yachisanu m'pamene mudzakakamizidwe. Mwini wake adzati mbali yake anachita, pempho anapereka, ndiye si bwino kulemba kuti sinachitike. Muyankheni kuti liwulo likunena za firiji, osati za khama lake. Usiku wa lero kutentha kukakwera, kodi foni ya munthu ilira? Ngati ayi, ntchito sinachitike. Khama lakelo lili ndi malo ake, m'chiganizo chotsatira, momwe mwalemba tsiku limene anapereka pempho ndi pomwe pempholo laima. Kulemba chonchi kumamuthandizanso iyeyo, popeza tsopano aliyense akuona kuti chimene chaimitsa ntchitoyi chili pa desiki ya wina.

Ntchito yachedwa koma yatheka ilembeni kuti yatheka, ndipo masiku onse awiri aoneke. Musafufute tsiku loyamba n'kuikapo latsopano.

Chenjezo: inu simungathetse ntchito. Ngakhale mukuona kuti jenereta inali yosafunika, ngati palibe cholembedwa chosonyeza kuti wamphamvu anagamula zimenezo, lembani "sinachitike", kenako mupereke maganizo anu oti ithetsedwe.

## Sitepe 6: Funsani ngati zimene zachitikazo zathandiza

Ntchito yachitatu yatheka: dzina lili pa ndandanda. Koma cholinga sichinali dzina papepala, chinali choti kutentha kuziwerengedwa. Ndiye tsegulani tchati cha mwezi wa Meyi. Pa masabata anayi, masiku a Loweruka ndi Lamlungu alipo 8, ndipo kuwerenga kawiri patsiku kukupereka mipata 16. Tinene kuti mwapeza 13 yodzazidwa, itatu ili yopanda kanthu, ndipo itatu yonseyo ndi ya Lamlungu madzulo.

Zimenezi zikukuuzani zambiri kuposa liwu loti "yatheka". Mipata yosowa ikanakhala yomwazikana, mukanaganiza za kuiwala. Popeza yonse yagwera nthawi imodzi, pali chifukwa chokhazikika, mwina woikidwa pa ndandandayo amaweruka masana Lamlungu ndipo palibe womulandira. Funsani, ndipo chimene mwapeza muchilembe:

> Zotsatira za ntchito 3: Yathandiza mbali. Pa mipata 16 ya kumapeto a sabata m'mwezi wa Meyi, 13 inadzazidwa. Itatu yosowa ndi ya Lamlungu madzulo, pamene woikidwa pa ndandanda amakhala ataweruka. Chopezeka 2 sichinatsekeke kwathunthu.

Ngati m'firiji muli kachipangizo kolemba kutentha, yerekezani manambala a patchati ndi ake. Tchati chimene chili ndi nambala yofanana masiku onse, cholembedwa ndi cholembera chimodzi ndi dzanja limodzi kwa mwezi wathunthu, chiyenera kukudabwitsani, chifukwa chikhoza kukhala chodzazidwa nthawi imodzi pambuyo pake.

Kusiyanitsa "yachitika" ndi "yathandiza" si kukhwimitsa zinthu kwa inu nokha. Miyezo yapadziko lonse ya ISO 9001 ya 2015, yokhudza ubwino wa ntchito ndi katundu, ndi ISO 45001 ya 2018, yokhudza thanzi ndi chitetezo cha antchito, yonse pa gawo 10.2, imafuna kuti bungwe liunikenso ngati njira zokonzera vuto zagwiradi ntchito, ndi kusunga zolembedwa zosonyeza zotsatira zake. Ngati malo anu amatsata miyezo imeneyi, oyendera adzafunsa gawo limeneli.

Nthawi yoyezera iyenera kukwanira kuti vutolo likhale ndi mpata wobwereranso. Vuto la kumapeto a sabata silingayezedwe ndi sabata imodzi. Ntchito ikakhala kuti yangotha kumene, lembani kuti zotsatira sizinayezedwe, mutchule chimene chidzayezedwe, tsiku lake, ndi wodzayeza.

Chenjezo: mawu oti "vutoli silinachitikenso" paokha si umboni wokwanira. Firiji inakhala nthawi yaitali pa soketi yakale ija pulagi osazulidwa, mpaka tsiku limene inazulidwa. Yezani ngati chotchingacho chikugwira ntchito, osangodikira ngozi.

## Sitepe 7: Zotsala zonse zikhale ndi mwini, tsiku, ndi chogwirizira

Ntchito iliyonse imene sinathe, kapena imene sinathandize mokwanira, iyenera kutuluka m'lipoti ili ndi zinthu zinayi: chotsala chenicheni, munthu mmodzi woyankha, tsiku latsopano limene iyeyo wavomera, ndi chimene chikuteteza pakadali pano.

Chachinayichi n'chimene chimaiwalika. Chipangizo chotumiza uthenga sichinagulidwe, choncho chopezeka 3 chidakali chotsegula: usiku chenjezo likhoza kuoneka popanda woliona. Lembani zimenezo poyera, ndi njira yogwirizira, mwachitsanzo kuti wogwira usiku aziyang'ana galasi la kachipangizo kamodzi pa shifiti n'kusaina. Koma kumbukirani kuti ogwira usikuwo ndi omwe aja atatu amene sanaphunzitsidwe. Zotsala ziwirizi zikukhudzana, ndipo wolemba lipoti ndiye ali pamalo abwino oonera zimenezi, popeza eni ntchito aliyense amangoona yake. Zikatero maphunziro a anthu atatuwo apatsidwe tsiku lapafupi kuposa zina zonse.

Mwini akhale munthu mmodzi wa udindo wodziwika. "Oyang'anira" kapena "gulu lonse" si mwini.

## Sitepe 8: Gamulani, ndipo chigamulo chipite pamwamba

Pali njira zitatu: nkhani itsekedwe, itsekedwe koma zotsala zisamutsidwire ku kaundula wina amene amayang'aniridwa, kapena isatsekedwe. Muyezo wake ndi zopezeka, osati kuchuluka kwa ntchito zimene zatheka. M'nkhani yathu ntchito zitatu zatheka ndipo imodzi yathetsedwa moyenera, zomwe zikumveka bwino, koma pa zopezeka zitatu chimodzi chokha ndicho chatsekeka. Ine ndingalembe kuti isatsekedwe.

Chidule chilembeni pomaliza koma muchiike patsamba loyamba, popeza osaina ambiri amawerenga pamenepo pokha:

> Pa ntchito 6: zitatu zatheka, imodzi yachitika mbali, imodzi sinachitike, imodzi yathetsedwa. Chopezeka 1 chatsekeka. Chopezeka 2 chatsekeka mbali, chifukwa kutentha nthawi zambiri sikukuwerengedwa Lamlungu madzulo. Chopezeka 3 chidakali chotsegula. Tikupempha kuti nkhaniyi isatsekedwe, iunikidwenso pa 30 Juni, ndipo oyang'anira agamule za pempho logula chipangizo pofika pa 13 Juni.

Werengani manambalawo muone ngati akukwana 6 ndiponso ngati akufanana ndi a m'tebulo.

## Sitepe 9: Onetsani eni ntchito, sainitsani, sungani

Lipoti lisanapite kwa osaina, tumizirani mwini ntchito aliyense mzere wake, mumupatse masiku awiri kapena atatu oti akonze zolakwika za deti kapena abweretse umboni umene simunauone. Liwu la pomwe ntchito yafika lisinthe pokhapokha umboni watsopano wabwera. Wina akakana koma alibe umboni, lembani kukana kwakeko m'chiganizo chimodzi, liwu likhale momwemo.

Asaine wolemba, wotsimikiza, ndi wamphamvu zotseka. Sungani lipoti pamodzi ndi umboni wonse m'fayilo imodzi ndi lipoti la kafukufuku. Amene anayamba kunena za vutolo, ndi antchito a m'chipindamo, auzidwe zotsatira.

## Zolakwika zofala

Kubwereza kafukufuku yense. Masamba asanu ofotokoza zimene zinachitika, kenako theka la tsamba la ntchito. Ziyenera kukhala mosemphana.

Kuphatikiza ntchito ziwiri m'mzere umodzi. "Kugula ndi kuika chipangizo komanso kuphunzitsa antchito" singapatsidwe liwu limodzi loona. Igaweni kukhala 5a, 5b, 5c, nambala yoyamba isasinthe, ndipo chilichonse chikhale ndi liwu lake.

Ntchito kusowa mwakachetechete. Mndandanda woyamba unali ndi ntchito 6, lipoti lotsekera lili ndi 5, ndipo yosowayo imakhala ija yovuta kapena yodula. Werengani mizere ya mapepala awiriwo musanatumize.

Kutseka chifukwa tsiku lakwana. Oyendera akubwera, kapena mwezi ukutha ndipo abwana akufuna chiwerengero cha nkhani zotsegula chitsike. Tsiku lolembera lipoti likakwana, lembani lipoti pa nthawi yake. Kutseka nkhani ndi chigamulo china, chodalira umboni.

Kuona maphunziro ngati mankhwala a chilichonse. Saini papepala ikusonyeza kuti munthu analipo, siikusonyeza kuti akudziwa chochita. Funsani awiri kapena atatu mwa ophunzirawo, muli pafupi ndi firijiyo, kuti atani akapeza madigiri 11. Ngati njira zonse zimene zatheka zili za maphunziro ndi zikumbutso, pamene zosintha zipangizo zonse zatsala, nenani zimenezo m'chidule, chifukwa zodalira kukumbukira kwa munthu n'zimene zimafooka msanga.

Mawu obisa wochita ndi nthawi. "Zinakonzedwa", "anthu anadziwitsidwa", "zichitika posachedwa". Chiganizo chilichonse chotere chifunseni kuti ndani, liti, ndipo umboni wake ndi nambala iti.

Zithunzi zopanda deti ndi malo. Chithunzi cha soketi chojambulidwa pafupi kwambiri chikhoza kukhala cha chipinda chilichonse. Pansi pa chithunzi lembani tsiku, chipinda, ndi udindo wa wojambula.

Kusamutsa zotsala popanda wozilandira. Mukasankha kutseka nkhani n'kusamutsira zotsala ku kaundula wina, lembani nambala imene zapatsidwa kumeneko ndi udindo wa amene wazilandira, ndipo mutsegule kaundulayo muone kuti zalowadi musanapereke lipoti kwa osaina.